Kufufuta invoisi yosalipidwa m'mabuku ndi kuwerengeratu ngongole zokayikitsa

Aliyense amene wasunga mabuku a sitolo yogulitsa simenti, malata ndi mankhwala a thonje kuno ku Chigwa cha Shire amadziwa kuti katundu wambiri amatuluka pa ngongole, chifukwa ndalama kuno zimabwera ndi nyengo: mlimi wa thonje amalipira akagulitsa, wogwira ntchito m'minda ya nzimbe ku Nchalo amalipira mwezi ukatha, ndipo kontilakitala amalipira iye akalipidwa. Tsiku limene mwalemba invoisi, mabuku amawerenga kuti mwagulitsa ndipo mwapeza phindu, ngakhale kuti m'kabati simunalowe tambala. Ngongole ina ikadzakanika kubwezedwa, phindu limenelo limakhala labodza, ndipo ntchito ya wosunga mabuku ndi kulikonza pa nthawi yake.

Pali ntchito ziwiri zimene anthu amazisokoneza. Yoyamba imachitika chaka chikamatha, pamene mumayerekeza kuchuluka kwa ndalama zimene mwina simudzazilandira pa ngongole zonse zimene zili kunja. Chiyerekezo chimenechi owerengera ndalama amachitchula kuti pulovishoni. Yachiwiri imachitika tsiku limene mwatsimikiza kuti invoisi yakutiyakuti, ya munthu wakutiwakuti, sidzalipidwanso, ndipo mumaifufuta pa mndandanda wa okongola. Kutaya kwa ndalama kumalembedwa pa ntchito yoyamba. Ntchito yachiwiri siyenera kukhudzanso phindu, chifukwa phindulo munalichepetsa kale. Ndifotokoza zonsezi potsata sitolo imodzi ya pa Ngabu, imene chaka chake cha mabuku chimatha pa 31 Disembala, ndipo manambala ake ndawasankha kuti akhale osavuta kutsata.

Muyambe ndi kutsimikiza kuti mndandanda wa okongola ndi woona. Pa 31 Disembala 2024, leja ya sitoloyi ikusonyeza kuti anthu ali ndi ngongole ya K18,400,000, ndipo mukaphatikiza mainvoisi onse osalipidwa, mmodzimmodzi, muyenera kupeza nambala yomweyo. Zikasiyana, musapitirire. Nthawi zambiri chimene chachitika n'chakuti munthu analipira kudzera pa Airtel Money kapena TNM Mpamba ku foni ya mwini sitolo, ndalamazo zinagwiritsidwa ntchito, koma palibe amene analemba lisiti. Ndaonapo munthu akutumiziridwa kalata yoopseza pa ngongole imene anamaliza kulipira miyezi inayi m'mbuyomo, ndipo atabwera ndi uthenga wa pa foni yake wosonyeza tsiku ndi ndalama, sitolo inataya kasitomala wabwino tsiku lomwelo. Katundu amene anabwezedwa, kapena invoisi imene inalembedwa ndi mtengo wolakwika, si ngongole yokanika. Zimenezo zimakonzedwa pochepetsa malonda, osati pa akaunti ya ngongole zotayika.

Mndandanda ukagwirizana ndi leja, gawani ngongolezo potengera ukalamba wake. Apa pali mfundo imene ili yofunika kwambiri kuno kwathu: masiku muwerenge kuchokera pa tsiku limene munthuyo anayenera kulipira, osati pa tsiku limene anatenga katundu. Kalabu ya alimi a thonje imene yatenga mankhwala mu Januwale, mutagwirizana kuti idzalipira mu Juni ikagulitsa, sinachedwe ngakhale tsiku limodzi mu Epulo, pomwe munthu wa pa malipiro a pamwezi amene analonjeza kulipira pa 30 Okutobala ndipo wafika Disembala osaoneka wachedwa miyezi iwiri. Ngati mumagwiritsa ntchito Excel, ikani tsiku loyenera kulipira mu mzere wotsika wa D ndi ndalama yotsala mu E, ndipo mu F muwerengere masiku ochedwa. Lamulo lachiwirili limaphatikiza ngongole zonse zimene zachedwa masiku 91 mpaka 180.

```
=DATE(2024,12,31)-D2
=SUMIFS(E:E,F:F,">90",F:F,"<=180")
```

Musanawerengere magulu, tulutsani kaye ngongole zikuluzikulu zimene mukudziwa nkhani yake, chifukwa zimenezi siziyenera kubisala m'gulu. M'sitolo yathuyi muli invoisi nambala 0417 ya mu Malichi 2024, ya kontilakitala amene anatenga simenti ndi malata a K1,500,000 kuti amangire nyumba za aphunzitsi kutsidya kwa Shire, ndipo anayenera kumaliza kulipira kumapeto kwa Epulo. Mu Meyi anapereka K300,000, ndipo kuyambira pamenepo K1,200,000 yotsalayo sinasunthe. Wantchito amene anatumidwa kukaona anapeza makoma atafika pa mawindo, udzu utamera m'kati, mulu wa mchenga utakokoloka ndi mvula, ndipo mlonda ananena kuti nayenso sanalipidwe. Foni ya kontilakitalayo imalira nthawi zina, ndipo mchimwene wake akunena kuti pali ndalama ina imene akuyembekeza. Pa 31 Disembala ngongole imeneyi sinafe, koma ikudwala kwambiri. Mwini sitolo ndi wosunga mabuku atakambirana, anaona kuti mwina adzapezapo gawo limodzi mwa magawo anayi, choncho anayerekeza kuti K900,000 itayika. Chifukwa chake chilembedwe pa pepala ndi kusainidwa, kuti chaka chamawa munthu asadzafunse kuti nambalayi inachokera kuti.

Kuchedwa pakokha si umboni wa kutayika. Sukulu kapena ofesi ya boma imene inatenga katundu ndi chikalata choodera chosainidwa bwino imatha kuchedwa miyezi isanu ndi itatu, koma kawirikawiri imadzalipira ndalama zikabwera kuchokera ku likulu. Pomwe munthu amene wachedwa masiku makumi anayi okha, koma wagulitsa njinga yamoto ndi mbuzi zake n'kuwolokera ku Mozambique kudzera pa Marka, ndi woopsa kuposa sukuluyo. Ndiye chifukwa chake mndandandawu uyenera kuwerengedwa pamodzi ndi munthu amene amawadziwa makasitomala pamaso.

Mukachotsa invoisi 0417, patsala K17,200,000, ndipo izi ndi ngongole zing'onozing'ono zambiri zimene simungathe kuziweruza imodziimodzi. Pa zimenezi mumagwiritsa ntchito mapelesenti, ndipo mapelesentiwo achokere m'mabuku anu akale, osati m'buku la kusukulu kapena kwa mnzanu wa sitolo ya ku Limbe. Njira yake ndi iyi: tengani mindandanda ya kumapeto kwa zaka zitatu zapitazo, phatikizani ngongole zimene zinali m'gulu limodzi, ndipo onani kuti mwa zimenezo ndi zingati zimene sizinalipidwe mpaka lero. M'sitolo yathuyi, ngongole zimene zinali zitachedwa masiku 91 mpaka 180 zinakwana K6,000,000 pa zaka zitatuzo, ndipo K720,000 sinabwere, kutanthauza 12 pa 100 iliyonse.

Koma mbiri yakale imanena za kale, ndipo wosunga mabuku ayenera kuyang'ananso zimene zili pakhomo. Mu Malichi 2024 boma linalengeza kuti maboma 23 mwa maboma 28 a dziko lino ali pa ngozi chifukwa cha ng'amba, ndipo izi zinabwera anthu a ku Chikwawa ndi Nsanje asanadzuke bwino ku namondwe wa Ana wa mu Januwale 2022 ndi wa Freddy wa mu Malichi 2023. Kuwonjezera apo, Kwacha inachepetsedwa mphamvu ndi 44 pa 100 mu Novembala 2023, ndipo mitengo ya chimanga ndi zina inakwera, moti munthu amene ali ndi ndalama yochepa amayamba wagula chakudya asanaganize za ngongole ya malata. Pa zifukwa zimenezi sitoloyi inakweza 12 uja kufika pa 15. Makampani akuluakulu amene amatsata muyezo wa IFRS 9, umene unayamba kugwira ntchito mu 2018, amalamulidwa kuchita zomwezi, kuyang'ana mbiri pamodzi ndi zimene zikuyembekezeka kutsogolo. Ine ndimaona kuti ngakhale sitolo yaing'ono imapindula ndi maganizo amenewa, bola kukwezako kukhale ndi chifukwa cholembedwa, osati kungofuna kuti phindu lioneke lochepa.

Tsopano chulukitsani gulu lililonse ndi pelesenti yake. Ngongole zimene nthawi yake sinakwane kapena zachedwa osapitirira masiku 30 ndi K9,000,000, ndipo pa 1 pelesenti zikupereka K90,000. Za masiku 31 mpaka 90 ndi K5,000,000, zimene pa 4 pelesenti zikupereka K200,000. Za masiku 91 mpaka 180 ndi K2,200,000, ndipo pa 15 pelesenti uja tikupeza K330,000. Zopitirira masiku 180 ndi K1,000,000, zimene pa 40 pelesenti zikupereka K400,000. Magulu anayiwa akukwana K1,020,000, ndipo tikawonjezera K900,000 ya kontilakitala uja, pulovishoni yofunika pa 31 Disembala 2024 ndi K1,920,000.

Pamenepa ndi pamene ambiri amapunthwa. K1,920,000 si ndalama imene mulembe m'jenolo. Ndi ndalama imene iyenera kukhala mu akaunti ya pulovishoni mukamaliza kulemba. Muyenera kuyang'ana kaye zimene zilimo kale. M'sitolo yathuyi munatsala K350,000 ku mbali ya kirediti kuchokera chaka chatha, choncho chimene chikufunika ndi kuwonjezera K1,570,000 yokha. Akauntiyo ikanakhala kuti ili ku mbali ya debiti, chifukwa choti m'chakamo munafufuta ngongole zambiri kuposa zimene munayerekeza, mukanawonjezera ndalama imeneyo pa K1,920,000 m'malo mochotsera. Pa kompyuta maakaunti ake amaoneka ndi maina awa:

```
Dr  Bad Debt Expense                  1,570,000
Cr  Allowance for Doubtful Accounts   1,570,000
```

Mzere woyambawo, umene ndi debiti ku akaunti ya ngongole zotayika, ukuchepetsa phindu la 2024, chaka chomwecho chimene katunduyo anagulitsidwa, ndipo ndi cholinga chenicheni cha ntchito yonseyi. Mzere wachiwiriwo, umene ndi kirediti ku akaunti ya pulovishoni, sukhudza akaunti ya munthu aliyense. Kontilakitala uja akadali ndi ngongole ya K1,200,000 yathunthu, ndipo sitetimenti imene mumutumizire isonyeze yomweyo. Pa chikalata chosonyeza chuma cha bizinesi mulemba ngongole zonse K18,400,000, kuchotsapo pulovishoni K1,920,000, n'kutsala K16,480,000, imene ndi ndalama yomwe mukuyembekeza kuilandiradi. Ndi bwinonso kumuuza mwini sitolo momveka kuti pulovishoni si ndalama yosungidwa ku banki kapena m'kabati, chifukwa ena akamva kuti mwaika pambali K1,920,000 amafunsa kuti ili kuti kuti akaoderere simenti.

Tibwere ku kufufuta kwenikweni. Pakati pa Januwale ndi Juni 2025 sitolo inachita zonse zimene ikanatha. Inatumiza makalata awiri okumbutsa, ndipo kalata yachitatu, yopereka masiku khumi ndi anayi, inakasiyidwa kwa mkazi wake amene anasaina kuti walandira. Wantchito anapitako kawiri, ndipo ulendo wachiwiri a mfumu a m'mudzimo anatsimikiza kuti munthuyo anachoka, nyumba imene ankakhala inali ya lendi, ndipo ntchito ya kusukulu ija inapatsidwa kwa wina. Nkhani ikanatha kupita ku khoti, koma chigamulo chimathandiza pokhapokha ngati munthuyo akupezeka ndipo ali ndi katundu woti n'kugwira, ndipo apa zonse ziwiri panalibe. Umboni wotere, kapena imfa ya wokongola amene sanasiye chuma, kapena kampani imene yathetsedwa, ndiwo umene umaloleza kufufuta. Kutopa ndi kulondola ngongole si umboni.

Sonkhanitsani zonse mu failo imodzi: invoisi, chikalata chimene anasaina polandira katundu, lisiti ya K300,000 ija, makalata atatu aja, ndi malipoti a maulendo okhala ndi masiku ake. Pamwamba pake ikani pepala lopempha chilolezo chofufuta, ndipo asaine ndi mwini sitolo kapena bwana amene salandira ndalama kwa makasitomala. Lamulo limeneli musalipeputse ngakhale m'sitolo ya pa banja. Njira yodziwika yobera bizinesi ndi yakuti wantchito alandira ndalama kwa wokongola, aika m'thumba, kenako n'kulemba kuti ngongoleyo yakanika. Ndipo ngati munthu mmodzi yemweyo ndiye amatolera, kulemba ndi kufufuta, palibe amene angazindikire. Mwini sitolo asanasaine, ayesere yekha kuimbira wokongolayo kapena kufunsa kwa achibale ake.

Chilolezo chitaperekedwa pa 30 Juni 2025, cholemba chake ndi ichi:

```
Dr  Allowance for Doubtful Accounts   1,200,000
Cr  Accounts Receivable (0417)        1,200,000
```

Onani kuti akaunti ya zotayika sinakhudzidwe. Tikanati china chilichonse sichinasinthe kuyambira Disembala, ngongole zonse zikanatsika kufika pa K17,200,000, pulovishoni ikanatsika kufika pa K720,000, ndipo kusiyana kwake kukanakhalabe K16,480,000. Umu ndi mmene mungadziyesere: ngati mwafufuta invoisi ndipo phindu la mweziwo latsika, kapena ndalama yoyembekezeka ija yasintha, ndiye kuti mwalemba debiti ku akaunti ya zotayika, ndipo kutaya kumodzi mwakuwerengera kawiri, mu 2024 ndi mu 2025. Wina angafunse za K300,000 imene sitinaiyerekeze, popeza tinaika K900,000 koma tafufuta K1,200,000. Imeneyo yadya gawo la pulovishoni ya magulu aja, ndipo idzaonekera yokha pa 31 Disembala 2025, pamene mudzapeza kuti akauntiyo yatsika kwambiri ndipo ikufuna kuwonjezeredwa zambiri. Ngati kusiyanako n'kwakukulu ndipo mumapanga malipoti a pamwezi, mutha kuwonjezera pulovishoniyo mwezi womwewo.

Pa kompyuta, musafufute invoisiyo ndi Delete kapena Void. Kuchita zimenezo kumachotsa malonda a 2024 m'chaka chimene chinatsekedwa kale, kumabwezera m'sitoko simenti imene inatuluka kalekale, ndipo kumasiya mpata pa manambala a mainvoisi umene wofufuza mabuku adzaufunsa. Mu QuickBooks, njira yake ndi kupanga Credit Memo ya kasitomalayo pogwiritsa ntchito chinthu chimene si katundu wa m'sitoko, cholumikizidwa ku akaunti ya pulovishoni, kenako n'kuigwirizanitsa ndi invoisi 0417 kudzera pa Receive Payment, kuti invoisiyo ichoke pa mndandanda wa osalipira koma mbiri yake ikhalepo. Amene mumalemba m'buku la pamanja, lembani mzere watsopano pa tsamba la munthuyo, wokhala ndi tsiku, ndalama ndi nambala ya pepala la chilolezo, ndipo musang'ambe tsambalo.

Kufufuta m'mabuku si kukhululuka. Wokongolayo musamuuze, ndipo musamupatse kalata iliyonse yonena kuti ngongole yake yatha, chifukwa pa malamulo akadali ndi ngongole, ndipo mlandu wochokera pa mgwirizano wamba utha kukasumidwa m'kati mwa zaka zisanu ndi chimodzi. Dzina lake lilowe m'kabuku kapadera ka ngongole zofufutidwa, kamene wogulitsa pa kauntala ayenera kukadziwa, kuti munthu yemweyo asadzatengenso katundu pa dzina la mkazi wake kapena la kampani yatsopano. Pa malo ngati Ngabu kapena Bangula, pamene mawu amayenda msanga pa tsiku la msika, anthu akangomva kuti sitolo yakuti imakhululuka ngongole ikakalamba, ngakhale amene akanatha kulipira amayamba kudikira kuti yawonso ikalambe.

Zimachitika kuti munthu uja amatulukira. Tinene kuti mu Okutobala 2025 kontilakitalayo wabwerera, akufuna kuyambanso ntchito, ndipo watumiza K400,000. Lembani kawiri. Poyamba bwezeretsani K400,000 pa akaunti yake, debiti ku akaunti ya okongola ndi kirediti ku pulovishoni, kenako lembani kulandira kwa ndalama monga mwa masiku onse, debiti ku banki kapena ku akaunti ya ndalama za pa foni ndi kirediti ku akaunti yake. Zikuoneka ngati njira yozungulira, koma zimachititsa kuti tsamba lake lisonyeze zoona, kuti anafufutidwa K1,200,000 ndipo pambuyo pake analipirako K400,000. Mubwezeretse ndalama yokhayo imene yafika, osati K1,200,000 yonse chifukwa cha lonjezo la pa foni. Ndalamayi isalembedwe ngati malonda atsopano, chifukwa palibe katundu amene watuluka.

Pa nkhani ya msonkho, mabuku anu ndi mawerengedwe a bungwe lotolera misonkho la MRA sizimayenda limodzi nthawi zonse. Ngongole imene ingachotsedwe pa phindu lokhomera msonkho ndi imene inawerengedwapo kale ngati malonda ndipo pali umboni wokhutiritsa kuti yakanikadi, ndiye failo ija ya invoisi 0417 ndiyo idzakuyankhulireni. K1,020,000 ya mapelesenti ija ndi chiyerekezo chanu chosatchula munthu, choncho muisunge payokha pa pepala lowerengera, yosiyana ndi ya maina odziwika, kuti amene akukonzerani mafomu a msonkho aione mosavuta ndi kuibwezera pa phindu pamene pakufunika kutero. Ndalama imene munachotsera msonkho ikadzabwezedwa, monga K400,000 ija, imawerengedwanso ngati phindu la chaka chimene yafika. Sitolo ya m'chitsanzochi sinalembetse VAT. Amene munalembetsa, lembani gawo la VAT la invoisiyo padera m'failomo, ndipo musangolichotsa nokha pa fomu ya mwezi wotsatira chifukwa choti mwafufuta m'mabuku anu.

Pa 31 Disembala 2025 mudzabwereza ntchito yonse kuyambira pa mndandanda. Ngati palibe china chimene chinafufutidwa, mu pulovishoni mudzapeza K1,120,000, ndiko kuti K720,000 ija ndi K400,000 yobwezedwa, ndipo ngati mawerengedwe atsopano adzafuna K1,600,000, mudzangowonjezera K480,000. Akadzafuna zochepa kuposa zimene zilimo, mudzalemba mobweza, debiti ku pulovishoni ndi kirediti ku akaunti ya zotayika. Pa tsiku lomwelo muyerekezenso zimene munaganiza ndi zimene zinachitikadi pa gulu lililonse: ngati mwa K2,200,000 ya gulu la masiku 91 mpaka 180 mwatayika K500,000 m'malo mwa K330,000, ndiye kuti 15 pelesenti inachepa, ndipo chaka chimenecho chilowe m'mawerengedwe a zaka zitatu amene mudzatengepo pelesenti yatsopano.